Kalata ya ku Chadiza: 27 wapasa, 38 wafeluka

“A mkonzi, ndili ndi ana awiri ku sekondale. Wamkazi, wa Giredi 11, wabweretsa pepala la masamu lolembedwa 27 pamwamba pa 60, aphunzitsi n'kulembapo kuti wapasa. Mlongo wake wapeza 38 pa 100 pa tesiti ya sayansi, iye akuti wafeluka. Kodi 27 inayamba liti kuposa 38? Ndinamukalipira mtsikanayu mpaka anagona osadya, ndipo ndikuganiza kuti aphunzitsi akukondera. Tsopano akuti kwatsala pepala lachiwiri la malikisi 90. Apezepo angati kuti afike pa kirediti?”

Iyi yachokera kwa bambo wina wa ku Chadiza, ndipo ndayamba nayo dala ngakhale thumba la makalata sabata ino ladzaza. Bambo anga, nsima ija mwana anaisiya pachabe. Aphunzitsi nawonso muwachotse pa mlandu, alibe chifukwa.

Nambala ya pamwamba payokha sitiuza kanthu. Inu ndinu mlimi, mukudziwa kuti chimanga cha makilo 40 m'thumba la 50 ndiye kuti latsala pang'ono kudzaza, koma makilo omwewo m'thumba la 90 safika ndi theka lomwe. Malikisinso timayamba taona kukula kwa pepala limene atengedwapo. N'chifukwa chake timawasandutsa peresenti, kutanthauza kuti tikufunsa: pepalali likanakhala la malikisi 100, mwanayu akanapeza angati?

Tengani foni yanu, ngakhale kaja ka mabatani kali ndi kakyuleta. Lembani malikisi amene mwana wapeza, muwagawe ndi malikisi a pepala lonse, yankholo mulichulukitse ndi 100. Kwa mwana wanu wamkazi zikhala motere: 27 ÷ 60 × 100 = 45. Wapeza 45 peresenti. Mnyamatayo pepala lake linali kale la 100, ndiye palibe chosintha, 38 yake ndi 38 peresenti basi. M'masukulu athu a sekondale mzere wopasira nthawi zambiri umakhala pa 40. Mtsikana waudumpha ndi 5, mnyamata wapelewera ndi 2. Mwaona tsopano amene anayenera kufunsidwa mafunso usiku uja? Koma chonde, musakatembenukire kwa mnyamatayo ndi shamu chifukwa cha ine, ndingasowe kodzera ndikabwera kumeneko.

Foni ikakhala yopanda moto, ziliponso za m'mutu. Gawani pepala m'zigawo 10 zofanana. Pepala la 60, chigawo chilichonse ndi malikisi 6, ndipo chimenecho ndi 10 peresenti. Zigawo zinayi ndi 24, apo ndiye pa 40 peresenti. Zigawo zisanu ndi 30, theka la pepala. Mwana wanu ndi 27 yake ali pakati penipeni pa 24 ndi 30, ndiye 45 ija. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imakuuzani nthawi yomweyo mzere wopasira pa pepala lililonse. La 50 ndi 20, la 30 ndi 12, la 80 ndi 32.

Chenjerani ndi chimodzi pa kakyuleta. Ambiri amayamba ndi nambala yaikulu chifukwa ku pulayimale anazolowera kuti yaikulu ndiyo imagawidwa. Mukalemba 60 ÷ 27 × 100 foni ikupatsani 222 ndi zotsalira. Mukaona yankho lopitirira 100 dziwani kuti mwatembenuza, chifukwa palibe mwana amapeza malikisi oposa amene ali pa pepala.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, limene landisangalatsa chifukwa likusonyeza kuti mkwiyo utatha munakhala pansi ndi mwanayo. Pa magiredi a Giredi 12, kirediti imayambira pa 50 peresenti, ndiyo giredi 6. Kuyambira 40 mpaka 49 mwana wapasa ndithu, ndi giredi 8 kapena 7, koma makoleji ambiri akamaitana ophunzira amafuna makirediti, ndipo masamu sakhala kutali pa mndandanda wawo. Choncho mwachita bwino kuyang'ana 50.

Apa tiyenda chobwerera. Phatikizani mapepala onse awiri: 60 ndi 90 ndi 150. Theka la 150 ndi 75, amenewo ndiwo malikisi ofunika onse pamodzi. Ali nawo kale 27 m'thumba. Chotsani 27 pa 75, patsala 48. Pa pepala la 90 lija akapeze 48, kirediti yalowa. Kungoti apase chabe, 40 peresenti ya 150 ndi 60, kuchotsapo 27 patsala 33. Ndiye mumuuze nambala ziwiri izi, 33 ndi 48, azidziwe asanalowe m'kalasi.

Koma pali kamsampha kamene ndiyenera kukuuzani. Wina anganene kuti, pepala loyamba anapelewera ndi 5 peresenti, ndiye pa lachiwiri apeze 55 kuti zikumane pa 50. Mukawerengera 55 peresenti ya 90 mupeza 49.5, kutanthauza malikisi 50. Nanga yoona ndi iti, 48 kapena 50? Zonse ziwiri zitha kukhala zoona, zimatengera mmene aphunzitsi amaphatikizira. Ngati amangowonkhetsa malikisi monga alili n'kugawa ndi 150, pepala lalikulu limalemera kwambiri, ndipo 48 yakwana. Ngati pepala lililonse amayamba alisandutsa peresenti kenako n'kupeza pakati pa awiriwo, mapepalawo alemera chimodzimodzi, ndipo pafunika 50. Limeneli ndilo funso loti mupite nalo kwa aphunzitsi aja, mwaulemu, chipewa chili m'manja: kodi mapepala awiriwa mumawaphatikiza bwanji? Ine ndikanakhala mwanayo ndikanangolimbana ndi 50, malikisi awiri si oti munthu n'kuwachitira makani.

Ndipo mukafika kunyumba madzulo ano, mumuitane mumuuze kuti munawerenga molakwika. Sizichotsa ubambo.

Ina yachokera kwa mnyamata wa ku Kapata. Akuti, “Ndapeza 18 pa 25, koma foni ikundipatsa 0.72. Ndiye kuti sindinafike ndi 1 yomwe?” Mphwanga, waima panjira. Chulukitsa ndi 100, ndi 72 peresenti imeneyo. Kauze amako aphe nkhuku.

Mayi wina wa ku Katete akufunsa kuti, “Tesiti ndi ya malikisi 36, wopasa apeze angati?” Amayi, 40 ÷ 100 × 36 = 14.4. Apa musatsitse n'kunena 14, ngakhale kusukulu anatiphunzitsa kuti kanambala kochepera 5 timakataya. Yesani nokha: 14 pa 36 ndi 38.9 peresenti, sinafike. Pofuna malikisi opasira timakwera nthawi zonse, ndiye yankho ndi 15.

Agogo a ku Vubwi, kudzera mwa mdzukulu wowalembera, akudandaula kuti, “Wanga wabwera ndi 2 pa zotsatira za Giredi 12, wa aneba ali ndi 9.” Agogo, vinani! Pa pepala la zotsatira la bungwe la mayeso la ECZ salembapo peresenti, amalemba giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo yaing'ono ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 9 ndiye kufeluka. Aneba anuwo muwapepese, koma musawaseke.

Tsopano ndiloleni ndilankhuleko pang'ono, chifukwa makalata a mtundu uwu akubwera sabata ndi sabata, kuchokera ku Lundazi, ku Petauke, ku Sinda, ndipo dandaulo ndi limodzimodzi. Inu aphunzitsi, ndimakulemekezani, ndikudziwa kuti ena mumachonga mapepala a kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Koma chizolowezi cholemba nambala imodzi ndi inki yofiira n'kuizunguliza, popanda kusonyeza kuti ndi pa malikisi angati, chikuyambanitsa anthu m'makomo. Bambo a ku Chadiza aja anali ndi mwayi, 60 inalembedwa, anangoinyalanyaza. Nanga kholo limene lalandira 27 yokhayokha lidziwa bwanji? Lembani zonse ziwiri, ndipo peresenti muiike pambali. Inunso makolo, lipoti si chikalata chongosainira mutaimirira pakhomo, njinga ili m'manja. Funsani mwana kuti, pa angati? Ndipo inu ana, musaganize kuti sindikudziwani. Mumafika n'kunena kuti “ndapeza 45” mokweza mawu, osatchula kuti pepala linali la 120. Imeneyo ndi 37.5 peresenti, mwafeluka, ndipo tsopano makolo anu adziwa kawerengedwe kake.

Yotsiriza ndi ya mtsikana amene akuphunzira pa koleji ina muno m'Chipata. Akuti, “Ntchito za m'kati mwa temu zimatenga malikisi 40, mayeso otsiriza 60, ndipo kupasa ndi 50. Ine ndili ndi 22 pa 40. Mayeso amachongedwa pa 100. Ndipeze angati?” Achemwali, funso lanu mwalikonza bwino, zonse zofunika zilimo. Pa 50 ija muli ndi 22, patsala 28, ndipo 28 imeneyi iyenera kuchokera pa 60 ya mayeso. Poti pepala likuchongedwa pa 100, tiisandutse: 28 ÷ 60 × 100 = 46.7, tikwere ndi 47. Kuti mutsimikize, bwererani nayo: 60 peresenti ya 47 ndi 28.2, kuphatikiza 22 ndi 50.2, mwadutsa. Mukanati 46, ikanakupatsani 27.6, zonse pamodzi 49.6, ndipo mukanayamba kudalira chifundo cha wochonga. Kaonaninso m'malamulo a koleji yanu ngati mayesowo ali ndi mzere wawowawo wopasira, chifukwa malo ena amafuna kuti munthu apase mbali zonse ziwiri payokhapayokha, ndipo zikatero 47 singakupulumutseni.

Nthawi yatithera, makalata a fetereza ndi a lobola adikire sabata yamawa. Amene mukutumiza mafunso a malikisi, lembani zinthu zitatu: amene mwapeza, a pepala lonse, ndi mzere wopasira wa pasukulu panu.