Msinkhu wa munthu umaumbidwa asanakwanitse zaka ziwiri

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino, zikomonso amayi, abambo ndi agogo nonse amene mwasiya makasu kudzakhala pano. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi, chifukwa ndikufuna muone nsungwi ndanyamulayi.

Ndaidula mabala atatu. Loyamba ili m'munsimu lili pa masentimita 50, ndiwo utali wa mwana wobadwa bwino tsiku limene wabadwa. Lachiwiri lili pa 75, pamene amafika akakwanitsa chaka. Lachitatu lili pa 87, pamene amafika akakwanitsa zaka ziwiri. Taonani mpata wa pakati pa bala loyamba ndi lachiwiri. M'chaka chimodzi chokha mwana amawonjezera masentimita 25. M'chaka chachiwiri amawonjezera ngati 12. Kuchokera apo liwiro limatsika, mpaka amangowonjezera asanu kapena asanu ndi limodzi pa chaka kufikira atayandikira kutha msinkhu. Ndiye kuti mwana wa zaka ziwiri, amene akadali kumbuyo kwa amayi ake, wafika kale pafupifupi theka la msinkhu umene adzakhale nawo ali bambo kapena mayi. Sadzakulanso mothamanga chonchi moyo wake wonse.

Nkhani yanga lero ndi kupinimbira. Tisakusokoneze ndi kunyentchera kuja kumene mwana amawonda mpaka nthiti kuwerengeka, kapena kutupa mapazi. Kumeneko aliyense amakuona, ndipo mumathamanga naye kuchipatala. Kupinimbira sikuchititsa mantha. Mwana amasewera, amaseka, masaya ali bwinobwino, koma ndi wamfupi poyerekeza ndi zaka zake. Wa zaka zinayi amaoneka ngati wa ziwiri ndi theka. Kuno ku Mozambique, kafukufuku wa boma wa mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti pa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 ndi opinimbira. Ndiye kuti mwana mmodzi pa atatu alionse, kuposerapo pang'ono. Vutoli silithawa dera la chakudya. Ife kuno ku Angónia nkhokwe zimadzaza, mbatatesi ndi nyemba zimachoka ndi magalimoto kupita ku Tete, koma ana opinimbira timawapeza kusikelo mwezi ndi mwezi.

Kodi fupa limatalika bwanji? Mukamadya nkhuku yaing'ono, kunsonga kwa fupa la mwendo mumapezako kachichereche kofewa. Mwana nayenso ali nako chakunsonga kwa mafupa a miyendo ndi mikono. Pamenepo ndi pamene fupa limamera. Kachicherecheko kamakula, kenako kamauma n'kusanduka fupa, kena n'kumeranso pamwamba pake. Chimene chimakalamula kuti kakule ndi michere ya m'magazi imene timaitcha mahomoni, ndipo wina wofunika kwambiri amapangidwa m'chiwindi. Tsono thupi la mwana likaona kuti chakudya chomanga thupi chikubwera chochepa, limachepetsa mcherewo. Limayamba lasamalira mtima, ubongo ndi mpweya, kutalika n'kukuika pambali. Zikachitika kwa sabata imodzi palibe chotayika, mwana amabwezera. Koma zikapitirira miyezi ndi miyezi pa nthawi ija imene amayenera kuwonjezera masentimita 25, mpata umene watsala umakhala waukulu.

Tiyeni titsatire mwana mmodzi wamkazi, wongoyerekeza, koma mumuzindikira. Amayi ake ali ndi pakati anadwala malungo kawiri, magazi anali ochepa, ndipo ankalima mpaka mwezi womaliza. Mwana anabadwa mu Juni ali ndi masentimita 48, wocheperako pang'ono koma wabwino. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba anayamwa bere lokha, ndipo anafika pa 63. Palibe chodandaulitsa. Tsono werengani, mwezi wachisanu ndi chimodzi wagwera mu Disembala. Mvula yagwa, amayi ali kumunda kuyambira mbandakucha, mwana watsala ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Chakudya chake ndi phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira mchere kapena shuga, kawiri pa tsiku. Kamimba ka mwana wotere kamalowa kapu imodzi yaing'ono basi. Mukakadzaza ndi phala loyenderera ngati thobwa, mwakadzaza ndi madzi. Mwana wakhuta, wagona, salira, koma fupa silinalandire kanthu.

Mu Januwale wayamba kukhala pansi ndi kukwawa pabwalo pamene nkhuku zimayenda, dzanja lili m'dothi, kenako m'kamwa. Watsegula m'mimba, wachira, patapita masabata atatu watsegulanso. Apa pali chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Mwana akamameza zonyansa tsiku ndi tsiku, matumbo ake amatupa m'kati ngakhale pa masiku amene sakutsegula m'mimba, ndipo matumbo otupa sayamwa bwino chakudya. Ndiye chochepa chomwe wadyacho, china chimangodutsa. Akudwala sakhalanso ndi chilakolako cha kudya.

Pokwanitsa chaka, mwana wathu ali pa 69, pamene anzake aakazi okula bwino amakhala pa 74. Pokwanitsa zaka ziwiri ali pa 78, anzake ali pa 86. Kwa mwana wamkazi wa zaka ziwiri, malire amene timayezera ndi masentimita 80 atagona pathabwa. Wotsika kuposa apo timati wapinimbira. Mwana uyu sanagonekedwepo m'chipatala, sanatupepo mapazi. Masentimita 8 amenewo anatayika pang'onopang'ono, popanda tsiku limene wina akanaloza kuti lero zavuta.

Ndamva agogo apo akuti, "Ife mtundu wathu ndi wa anthu aafupi." Agogo, mwanena zoona mbali ina. Mtundu ulipo, ndipo ana a bambo wamtali amakonda kutalika. Koma tamvani ichi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayeza ana m'maiko asanu ndi limodzi, Ghana, India, Brazil, Norway, Oman ndi America, kusankha ana oyamwa bwino, odya bwino, okhala paukhondo. Anapeza kuti mpaka zaka zisanu ana onsewa amakula mofanana kwambiri, wa ku Ghana ndi wa ku Norway. Muyeso umene uli pa khadi la kusikelo unachokera pamenepo, unatuluka mu 2006. Ndiye mwana mmodzi kukhala wamfupi, mwina ndi mtundu. Koma m'mudzi mwana mmodzi pa atatu alionse akakhala pansi pa malire, umenewo si mtundu ayi. Ndipo nthawi zina chimene timachitcha mtundu ndi njala imene inagwira agogo ali khanda, n'kugwiranso amayi ali khanda.

Tsono funso limene abambo ambiri amandifunsa ndi lakuti, akadzayamba kudya nsima yambiri, sadzabwezera? Ndiyankhe mosabisa. Akapitirira zaka ziwiri, mwana uja amayamba kukula pa liwiro lofanana ndi anzake, chaka chino asanu ndi limodzi, chaka chamawa asanu ndi limodzi. Koma anzakewo nawonso akukula. Zili ngati anthu awiri opita ku Ulongwe pa njinga, wina ananyamuka m'mawa, wina masana, onse akupalasa mofanana. Wambuyoyo akuyenda ndithu, koma samupeza mnzake. Ena amabwezerako pang'ono, makamaka moyo wa pakhomo ukasintha akadali aang'ono, kapena chifukwa mwana wopinimbira amachedwa kutha msinkhu ndiye amakhala ndi nthawi yowonjezera yokula. Koma ambiri amalowa ukulu ali aafupi kuposa mmene akanakhalira. Ndipo pali tsiku limene chitseko chimatsekeka. Munthu akatha msinkhu, kachichereche kaja kamauma konse, kwa atsikana chapakati pa zaka 14 ndi 16, kwa anyamata mochedwerako, cha m'ma 16 mpaka 18. Kakauma, palibe nsima, mankhwala kapena jakisoni amene angatalikitse fupa. Mukamudyetsa kwambiri pamenepo amangonenepa.

Wina anganene kuti kufupika si matenda, ndipo n'zoona, munthu wamfupi ndi munthu wathunthu. Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti zaka zomwezo zimene fupa limasowa chakudya, ubongo nawonso ukukula mothamanga ndipo ukusowa chakudya chomwecho. N'chifukwa chake ana opinimbira ambiri amavutika kusukulu. Kwa mwana wamkazi palinso china. Mayi wamfupi kwambiri, makamaka wosafika masentimita 145, mafupa ake a m'chiuno amakhala opanikizika, ndipo pobereka mwana amatha kukanika kutuluka. Ife a kuchipatala timaziona usiku, mayi atabwera pa ngolo atatopa kale. Amakondanso kubereka mwana wochepa thupi, ndiye nkhani ija ya masentimita 48 yayambiranso. Mtsikana akatenga pakati asanamalize kukula, iye ndi mwana wa m'mimbayo amalimbirana chakudya chimodzi.

Ndibwerere ku phala lija, chifukwa ndi pamene manja athu amafika. Phala la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi likhale la mgaiwa, lolimba moti mukapendeketsa supuni siliyenderera. Muikemo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, tsiku lina dzira, tsiku lina kapenta wa ku Cahora Bassa wosinja ndi mitu yomwe, ndi nkhwani kapena bonongwe wopota, n'kudonthezamo mafuta pang'ono. Poyamba kawiri kapena katatu pa tsiku, akafika miyezi isanu ndi inayi katatu kapena kanayi, ndi kanthochi pakati, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri. Akadwala musamuleke, muzimupatsa pang'onopang'ono kawirikawiri, ndipo akachira muwonjezere chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abwezere. Abambo, apa ndi panu. Pogulitsa soya ndi mtedza, thumba limodzi litsale m'nyumba, ndipo mazira onse asapite kumsika. Mwana apatsidwe kambale kakekake, chifukwa m'mbale ya onse amangonyambita msuzi, ndiwo atenga akuluakulu.

Mayi uyo wafunsa kuti adziwa bwanji, popeza mwana wake kusikelo amalemera bwino. Funso labwino, mayi. Sikelo yopachika ija imayeza kulemera, ndipo kalamba ka pamkono kaja kamaonetsa kuwonda. Zonse ziwiri zitha kunena kuti mwana ali bwino pamene wapinimbira, chifukwa mwana wamfupi wonenepa amadutsa pa zonsezo. Pafunika thabwa loyezera utali. Wosakwana zaka ziwiri timamugoneka chagada, munthu mmodzi agwire mutu ugunde kumtunda, wina awongole mawondo, zidendene zigunde kathabwa kosuntha. Tikatero timayang'ana tsiku lake lobadwa pa khadi, chifukwa popanda kudziwa miyezi yake nambalayo siitiuza kanthu. Kuyeza kamodzi sikukwanira. Chimene timafuna kuona ndi mzere, ngati ukukwera limodzi ndi wa anzake kapena wayamba kugona.

Thabwalo tabwera nalo, lili pansi pa mtengo wa mango uwo. Tiyambe ndi ana osakwana chaka, kenako a chaka chimodzi. Amayi oyembekezera musachoke, ndikufuna tionane tikamaliza. Makhadi akhale m'manja, ndipo ana muwavule zipewa ndi nsapato.