Kudzidzimuka thupi litauma, chimthunzi chili pakona: chimachitika n'chiyani?

Maso atseguka, chipinda mukuchiona bwinobwino, koma dzanja likukana, mwendo ukukana, mukati mukuwe mawu satuluka. Pakona paima chimthunzi chakuda chonga munthu, pachifuwa ngati wina wakhalapo. Ambiri zikawachitikira amati afiti anabwera, ena amati ndi chiwanda kapena mzimu wa malemu. Mantha amenewo ndi enieni, choncho tiyeni tione chimene chimachitika m'thupimu.

Tikagona, pafupifupi mphindi 90 zilizonse timalowa m'tulo ta maloto. Nthawi imeneyi ubongo umamanga dala minofu ya manja, miyendo ndi khosi kuti tisamachite zimene tikulotazo. Mukapanda kumangidwa chonchi, mukalota mukuthamanga bwenzi mutadzukadi n'kukagunda khoma. Vuto limabwera pamene mwadzidzimuka minofu isanamasulidwe. Mutu wadzuka, thupi likadali m'tulo.

Nanga kulemera kwa pachifuwa? Mnofu waukulu wa pansi pa mapapo umapitirizabe kukoka mpweya, koma minofu ya m'nthiti imakhala italefuka. Mukachita mantha mumafuna kupuma mwamphamvu, nthiti sizikuyankha, ndiye mumamva ngati mwapsinjidwa. Mpweya ukulowabe ndithu, ndipo zimatha zokha, nthawi zambiri m'masekondi chabe kapena mphindi zochepa.

Chimthunzicho chimabwera chifukwa maloto sanazime. Mbali ya ubongo yochenjeza za zoopsa imakhala ili tcheru kwambiri m'tulo ta maloto, ndiye ikaona jekete lopachikidwa pachitseko mumdima, imalipatsa mutu ndi mapewa.

Chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Ofufuza atayerekeza anthu a ku Iguputo, kumene ambiri amati ndi ziwanda, ndi a ku Denimaki, kumene ambiri amati ndi za m'thupi chabe, anapeza kuti a ku Iguputo zimawachitikira kawirikawiri, amati zimatenga nthawi yaitali, ndipo amaopa kwambiri kufa. Mantha amasowetsa tulo, ndipo kusowa tulo ndi chimodzi mwa zimene zimayambitsa vutoli. Taganizani wophunzira amene akuwerengera mayeso: wagona 2 koloko usiku, chagada, nkhawa ili tho. Chakum'mawa, pamene tulo ta maloto timachuluka, zamuchitikira. Mawa lake akuopa kugona, achezera, zimubwereranso, iye n'kutsimikiza kuti wina akumulondalonda.

Wopemphera apemphere, mtima ukakhazikika zimathandiza. Koma muzigonanso nthawi imodzimodzi, maola 7 mpaka 9, chammbali osati chagada. Zikakugwirani musalimbane ndi thupi lonse. Pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi kapena kuphethira.

Ngati zikuchitika pafupipafupi, masana n'kumagwidwa ndi tulo mwadzidzidzi, kapena mawondo akumalefuka mukaseka, kaonaneni ndi dokotala. Chimodzimodzi ngati mukumadzuka mutadziluma lilime kapena mutadzikodzera, chifukwa zimenezo zingakhale khunyu, ndipo khunyu lili ndi mankhwala.