Kampani ikuti yapanga phindu, koma ikulipirani? Kuwerenga lipoti la pachaka musanapereke mpunga pangongole

Moni nonse. Lero tili ku Nkhotakota, ndipo nkhani yathu ndi ya alimi a mpunga. Tiyerekeze kuti kopaletivi yanu yakolola bwino, kwabwera kampani ya chigayo ikuti, "Tipatseni matumba anu onse, ndalama mudzalandira pakatha miyezi iwiri." Yakuonetsaninso lipoti lake la zachuma la chaka chatha, ndipo pansi palembedwa phindu la K42 miliyoni. Muwapatse? Musanayankhe, tengani kalikuleta ya pafoni yanuyo tiwerengere limodzi. Kampaniyi ndi manambala ake ndazipeka kuti tiphunzirirepo, koma mizere yake ndi yomwe mungaipeze m'malipoti enieni. Mayina a mizereyo ndiwatchula monga amalembedwera papepala kuti musasochere.

Tiyambe ndi funso lomwe likukukhudzani kwambiri: kodi ali nazo ndalama zolipirira ngongole zapafupi? Tsegulani tsamba lolembedwa Statement of Financial Position. Tsambali limaonetsa zomwe kampani inali nazo ndi ngongole zake pa tsiku limodzi lokha, tsiku lotseka chaka. Pezani mzere wa current assets, kutanthauza ndalama ndi zinthu zomwe zisanduke ndalama chisanathe chaka. Kenako current liabilities, ngongole zoyenera kubwezedwa chisanathe chaka.

Pasikirini:

```
current ratio = current assets ÷ current liabilities
600 ÷ 400 = 1.5
```

Manambala onsewa ndi mamiliyoni a kwacha. Yankho la 1.5 likutiuza kuti pa K1 iliyonse yomwe akuyenera kubweza posachedwa, ali ndi K1.50. Zikuoneka zabwino, ndipo anthu ambiri amalekera pomwepa. Chonde inu musalekere apa.

Yang'anani mkati mwa K600 miliyoni ija. Ndalama zenizeni, za kubanki ndi za m'kabati, ndi K40 miliyoni basi. K160 miliyoni ili m'manja mwa magolosale ndi masukulu omwe anatenga mpunga koma sanalipire. Yotsalayo, K400 miliyoni yathunthu, ili pamzere wa inventories: matumba osanjikizana m'nkhokwe, ena opuntha kale, ena ayi. Thumba la mpunga silingalipire mlimi mpaka litapeza wogula. Likhoza kufumbwa, likhoza kunyowa denga likamadontha, mtengo wake ukhozanso kutsika mpunga watsopano ukalowa pamsika. Ndiye tichotse matumbawo tiwerengenso.

Pasikirini:

```
quick ratio = (current assets − inventories) ÷ current liabilities
200 ÷ 400 = 0.5
```

Mwaona mmene zasinthira? Pa K1 iliyonse ya ngongole yapafupi, ali ndi 50 tambala yokha, ndipo yambiri mwa imeneyo akudikira kuti ena awapatse. Pitani kumapeto kwa lipoti, kumasamba a Notes, komwe ambiri safikako chifukwa zilembo zake n'zazing'ono. Kawirikawiri kumakhala tebulo loonetsa kuti ngongole za makasitomala zatha masiku angati. Mukapeza kuti theka lake ladutsa masiku 90, dziwani kuti ina sidzabweranso.

Koma tisawaweruze msanga. Onani deti lomwe chaka chawo chimathera. Kampani yogula mbewu ikatseka mabuku mu Julayi, itangogula kumene mpunga wa chaka chonse, nkhokwe imakhala yodzaza ndipo kuthumba kumakhala kopanda kanthu. Kampani yomweyo mu Malichi ingaoneke mosiyana kwambiri. Ngakhale Illovo Sugar Malawi, yomwe ili ndi minda ndi fakitale ku Dwangwa kunoku ndipo ili pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, imatseka chaka pa 31 Ogasiti, kudula nzimbe kuli mkati. Wowerenga lipoti lake ayenera kukumbukira zimenezo akaona shuga wambiri m'nkhokwe. Chokuthandizani n'chakuti lipoti limakhala ndi mizati iwiri, ya chaka chino ndi ya chaka chatha. Werengerani yonse. Ngati matumba akuchuluka chaka ndi chaka pomwe malonda sakukwera, ndiye kuti si nyengo ayi, katundu sakuyenda.

Tsopano ngongole zonse. Kuwonjezera pa K400 miliyoni yapafupi ija, kampani yathu ili ndi ngongole yakubanki ya zaka zingapo ya K500 miliyoni, yomwe inagulira makina. Zonse pamodzi ndi K900 miliyoni. Gawo la eni ake, lomwe mulipeze pamzere wa total equity, ndi K450 miliyoni.

Pasikirini:

```
debt to equity = total liabilities ÷ total equity
900 ÷ 450 = 2
```

Pa K1 iliyonse ya eni kampani, pali K2 ya anthu ena. Apa ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi: banki nthawi zambiri imagwira chikole, kaya makina, malo kapena nyumba. Inu alimi mulibe chikole chilichonse. Zinthu zikavuta, banki imatenga zake poyamba, inu n'kugawana zotsala. Onaninso ku Notes ngati ngongoleyo ili m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ngongole za m'madola zinafufuma tsiku limodzi, mwini wake osabwereka ngakhale tambala yowonjezera.

Nanga phindu lija? Pitani pa Statement of Profit or Loss. Chaka chonse anagulitsa mpunga wa K2 biliyoni. Kugula mpungawo kwa alimi, kuupuntha ndi kuulongedza kunadya K1.6 biliyoni, kutsala K400 miliyoni. Mukagawa 400 ndi 2,000 mupeza 20 peresenti, ndiye gross margin imeneyo. Pa bizinesi ya chigayo si zoipa. Malipiro a antchito a muofesi, mafuta a galimoto ndi zina zotero zatenga K180 miliyoni, kutsala K220 miliyoni.

Taonani tsopano mzere wa finance costs: K160 miliyoni, chiwongoladzanja chokhachokha. Patsala K60 miliyoni. Msonkho wa 30 peresenti watengapo K18 miliyoni, n'kutsala K42 miliyoni ija anakuonetsani monyadira.

Pasikirini:

```
net margin = profit after tax ÷ revenue × 100
42 ÷ 2,000 × 100 = 2.1%
```

Pa K100 iliyonse yomwe agulitsa, imatsala ndi K2.10. Akatsitsa mtengo wa mpunga ndi 3 peresenti yokha kuti nkhokwe ija ipungule, ataya K60 miliyoni, ndipo phindu lonse latha. Chigayo chikugwira ntchito ndithu, koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zomwe chikupeza akupita kubanki. N'chifukwa chake ine sindiwerenga phindu palokha osayang'ana ngongole.

Ndiye muwayankhe chiyani? Ndikanakhala mukomiti yanu, sindikanawakaniratu, chifukwa kampaniyi ikugulitsa ndipo msika wa mpunga sumapezeka wamba. Koma matumba onse pangongole, ayi. Ndikanati alipire theka tsiku lokweza katundu, tiwapatse pang'onopang'ono, galimoto yachiwiri inyamuke yoyamba italipiridwa. Ndikanapemphanso mabuku a miyezi yaposachedwapa, chifukwa lipoti lomwe muli nalolo likunena za chaka chatha. Ndipo musanasaine chilichonse, werengani kalata ya owunika mabuku yomwe imakhala koyambirira kwa lipoti. Mukapezamo mutu wakuti Material Uncertainty Related to Going Concern, ndiye kuti iwonso aona chikayiko chachikulu ngati kampaniyo ipitirize kuyenda. Zikatero, thumba lililonse lituluke ndalama zili m'manja mwa msungichuma wanu.