Amayi asanadinde chala pa fomu ya ngongole

Moni nonse amene mukumvera. Lero ndikulankhula ndi inu amene kwanu amakuitanani kukabwera pepala, amvekere iwe unapita kusukulu, tatilembere. Tiyerekeze kuti amayi anu akufuna ngongole ya K300,000 kubungwe lobwereketsa ndalama kuti awonjezere mpamba wa geni yawo ya usipa. Kuwerenga amachita movutikira, fomuyo ili m'Chingerezi, ndiye bolopeni apatsa inu.

Choyamba mudziwe kuti chala chodinda chimamanga munthu chimodzimodzi ngati siginecha. Amayi akangodinda, ndiye kuti avomereza zonse zolembedwa papepalapo, ngakhale zimene sanazimve, ndipo kudzatsutsa pambuyo pake n'kovuta zedi. Ndiye ntchito yanu yaikulu ndi kuonetsetsa kuti zimene zili papepala ndi zimene zili m'mutu mwa amayi n'zimodzi. Kudzaza mabokosi n'kwachiwiri.

Tiyambe ndi kulembako. Musalembe dzina kuchokera pamtima, ngakhale ndi mayi anu okuberekani. Auzeni atulutse chiphaso cha unzika, chija a NRB anayamba kupereka m'dziko muno mu 2017, muchiike pambali pa fomu, muzikopera chilembo chimodzichimodzi. Kumudzi amadziwika ndi dzina la kwa amuna awo kapena la mfunda, koma mwina pachiphaso pali dzina la bambo awo. Lembani la pachiphaso. Ngati pachiphaso analakwitsa kalembedwe, inu tsatirani momwemo, kukonza kwake n'kwa a NRB, chifukwa mayina akasiyana pakati pa fomu ndi chiphaso, akuofesi amabweza fomuyo. Nambala ya chiphaso ili ndi zilembo ndi manambala osakanikirana, ndiye yang'anitsitsani chilembo cha O ndi ziro, komanso I ndi 1. Tsiku lobadwa muyambe tsiku, kenako mwezi, kumalizira chaka. Gwiritsani ntchito bolopeni yakuda kapena yabuluu ndi zilembo zikuluzikulu, pensulo ayi.

Mukalakwitsa, osapaka zofufutira zoyera zija, osakandanso ndi lezala. Dulani mzere umodzi pamwamba pa mawu olakwikawo moti aziwerengekabe, lembani olondola pambali, ndipo amayi adzadinde chala pafupi ndi pokonzedwapo. Koma mukalakwitsa pa ndalama, ine ndimati pemphani fomu ina basi. Nambala yokonzedwa imabweretsa mikangano.

Tsopano tafika pamene anthu ambiri amathamanga, pomwe ndi poyenera kukhazikika. Werengani fomu yonse mokweza, muziimasulira m'chilankhulo chimene amayi amamva bwino, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Muwerenge ndi timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa pepala tomwe, poti nkhani za chilango cha kuchedwa ndi za kulanda katundu zimakonda kukhala kumeneko.

Tiyeni tiwerengere limodzi chitsanzo chathu chija. Tinene kuti fomu ikuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi, chowerengera pa ndalama yonse yobwerekedwa, kwa miyezi 6. Mukangowauza amayi kuti 5 peresenti, adzagwedeza mutu, koma mwawasiya mumdima. Asandutsireni ndalama. 5 peresenti ya K300,000 ndi K15,000 pamwezi. Miyezi 6 ikukwana K90,000. Ndiye ndalama yonse yobweza ndi K390,000, kutanthauza K65,000 mwezi uliwonse. Onaninso ngati pali ndalama yoyendetsera fomu imene amadula asanapereke ngongole. Tinene kuti ndi K9,000. Ndiye m'manja mwa amayi mulowa K291,000, koma adzabweza K390,000. Awa ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzatenge a pafomu panupo, koma mawu ake akhale omwewa: amayi, mulandira zakuti, mudzabweza zakuti, mwezi uliwonse pa tsiku lakuti.

Kenako chikole. Ngati pafomu mwalemba kuti makina osokera kapena mbuzi zitatu, auzeni mosabisa kuti akalephera kubweza zimenezi zidzapita. Ndipo musafunse kuti mwamva? Munthu wamkulu pamaso pa ofesala wovala tayi amangoti eya, kuopa kuoneka wotsalira. M'malo mwake nenani kuti, amayi, tandibwerezerani, mwezi wamawa mukapereka zingati? Nanga mukachedwa chichitike n'chiyani? Akayankha okha molondola, pamenepo ndiye amva. Akasokoneza, bwerezani, ngakhale pamzere pali anthu akudandaula.

Musanafike pa inki, yang'anani mipata yonse yotsala. Bokosi limene silikuwakhudza dulanimo mzere. Ndalama ilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, ndipo pambuyo pa nambala yomaliza kokani kamzere kuti wina asawonjezere ziro. Munthu akakuuzani kuti angodinda, zinazo tikamalizitsa kuofesi, kanani mwaulemu. Chala chikakhala papepala lopanda kanthu, aliyense akhoza kulembapo zimene akufuna ndipo pepalalo lidzaoneka ngati amayi anavomera.

Tsopano kudindako. Funsani ofesala kuti akufuna chala chachikulu cha dzanja liti, poti ena amafuna chamanja, ena chamanzere. Amayi apukute chalacho chiume. Chala cha mafuta odzola, cha thukuta kapena chimene changogwira nsomba chimaterera, chidindo chimatuluka chosaoneka bwino. Agunditse chala pa padi ya inki mopepuka, osachimiza. Kenako achikhazike pepala lili pa thebulo lolimba, adinikize kamodzi, n'kuchikweza molunjika osachigwedeza uku ndi uku. Mukhoza kuwagwira dzanja kuti lisanjenjemere, koma kudinikizako achite okha.

Mudziwa bwanji kuti chadindika bwino? Yang'anani pafupi. Muyenera kuona timizere tozungulirazungulira ta pakhungu, tosiyana bwinobwino. Mukaona banga lakuda bii lopanda mizere, inki inachuluka kapena chala chinasuntha, ndipo chidindo chotero palibe angachifananize ndi chala cha munthu. Musadinde china pamwamba pake. Dindani chatsopano pambali, ofesala akuona. Anthu amene agwira khasu zaka zambiri mizere yawo imakhala yoperepeseka, ndiye kwa iwo inki ikhale yochepa kwambiri, ndipo ayesere kaye pa kapepala kena, kenako kapepalako mukang'ambe. Njira ija yopaka chala ndi bolopeni inki ikasowa, isiyeni, sionetsa mizere bwino. Ngati chala chachikulu chili ndi bala kapena chinaduka, agwiritse ntchito china, koma mulembe pansi pake kuti ndi chala chiti. Ngakhale zonse zili bwino, lembani pansi pa chidindo dzina lawo, dzanja lake, ndi tsiku. Fomu ikakhala ya masamba angapo, pemphani kuti adinde tsamba lililonse, kuti wina asadzasinthe tsamba la pakati.

Nanga ngati amayi amatha kulemba dzina lawo pang'onopang'ono? Alekeni asaine okha. Siginecha siyenera kukhala yokongola, dzina lolembedwa monjenjemera ndi dzanja lawo ndi lokwanira. Chofunika n'chakuti asamasinthesinthe. Ngati kubanki anatsegula akaunti ndi chala, azipitiriza chala. Ngati anasaina, azisaina mofanana ndi poyamba paja. Chimene sindikufuna kumva n'choti inu mwawasainira. Ngakhale atakulolani, ngakhale ndinu mwana wawo woyamba, kulemba siginecha ya munthu wina ngati kuti walemba yekha kukhoza kukhala mlandu wa chinyengo, ndipo tsiku la mkangano udzagwera inu.

Tibwere kwa mboni. Pafomu zambiri, pansi pa malo a chala pamakhala mzere wa mboni, m'Chingerezi amalemba kuti witinesi. Mboni ikasaina ikunena kuti ndinalipo, ndinaona munthu uyu, mwini chiphaso ichi, akudinda yekha popanda womukakamiza. Kwa munthu wosawerenga, mboni yabwino imatsimikizanso kuti pepalalo linawerengedwa ndi kumasuliridwa. Choncho mboni ikhalepo kuyambira powerenga mpaka podinda. Zija zotenga fomu yodindidwa kale n'kupita nayo kwa aneba madzulo kuti tangosainani apa, umenewo si umboni, chifukwa anebawo akadzafunsidwa kukhoti kuti munaona chiyani, alibe chonena.

Sankhani munthu wamkulu, wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wodziwa kuwerenga, amene ali ndi chiphaso chake, ndipo sapindula kanthu pa ngongoleyo. Inu amene mwalemba fomu mukhoza kukhala mboni ngati bungwelo likulola, koma ngati ina mwa ndalamayo amayi akupatsani inu, pezani wina, mwina mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Ofesala wa bungwe lobwereketsa asakhale mboni yokhayo, poti iye ali mbali inayo. Mboni ilembe dzina lonse, nambala ya chiphaso, kumene imakhala, isaine, ilembenso tsiku lomwelo. Ngati pali mpata, iwonjezere mawu awa: "Ine ndawerenga ndi kumasulira chikalata chino m'Chichewa kwa mwini wake, waonetsa kuti wamva, ndipo wadinda chala chake chachikulu chamanja ine ndikuona." Ngati womasulira ndi wina, alembe yekha mawu amenewa ndi dzina lake.

Apa pali dzenje limene ambiri agweramo, ndiye tcherani khutu. Pafupi ndi mzere wa mboni pamakhala mzere wina wa woikira kumbuyo, amalemba kuti galanta. Mizere iwiriyi imafanana maonekedwe, dzina, chiphaso, siginecha, koma katundu wake ndi wosiyana. Mboni sibweza ngongole, yake ndi kunena zimene inaona. Woikira kumbuyo akulonjeza kuti amayi akalephera, iye ndiye adzalipira. Pa chitsanzo chathu, amayi atabweza miyezi iwiri n'kulephera kupitiriza, patsala K260,000, ndipo akubungwe adzagogoda pakhomo la amene anasaina pamzere wa galanta uja. Ndiye munthu akakupemphani kuti mungondichitira umboni, werengani kaye mutu wa mzere umene akukulozerani. Ndipo ngati amene akuikira kumbuyoyo nayenso sawerenga, muwerengereni gawo lakelo payekha, mumuuze ndalama yake m'makwacha, naye akhale ndi mboni.

Zonse zikatha, musatuluke chimanjamanja. Pemphani kope ya fomu yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Akati makina okopera sakugwira, jambulani tsamba lililonse ndi foni pomwepo, manambala ndi chidindo zizioneka bwino. Kopeyo ikasungidwe kwa amayi eni ake, m'pulasitiki, pamodzi ndi malisiti a mwezi uliwonse akayamba kubweza. Zithunzi za m'foni musazitumize m'magulu a WhatsApp, muli nambala ya chiphaso chawo. Ndipo mukafika kunyumba, lembani pa kalendala masiku onse 6 obwezera ndi K65,000 pambali pa tsiku lililonse, m'manambala akuluakulu, poti amayi ambiri amene amavutika ndi mawu, manambala a ndalama amawadziwa bwino. Zikomo pomvetsera.