Kugula masheya a kampani kapena kugula katundu wake: ngongole zakale zimatsata yani?

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Mamembala a kopaletivi yanu andiuza kuti mukulingalira zogula chigayo cha kampani ina, ndipo funso lanu ndi lakuti kodi mugule masheya a kampaniyo kapena mugule makina ndi malo okha. Njira ziwirizi zikhoza kukhala za mtengo wofanana, koma pamaso pa lamulo ndi zosiyana kwambiri.

Chiyambi cha nkhani yonse ndi chakuti kampani yolembetsedwa imawerengedwa ngati munthu payokha, wosiyana ndi eni ake. Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa Salomon ku Britain m'chaka cha 1897, ndipo lamulo lathu la makampani la 2013 limayenda m'njira yomweyo. Makina a chigayo si a bambo amene mumawaona ali mbuu ndi ufa tsiku lililonse, ndi a kampani. Ngongole nazonso ndi za kampani. Bambowo ali ndi masheya basi.

Tiyerekeze kuti kampaniyo ili ndi makina awiri, lole imodzi, malo a lisi, antchito asanu ndi atatu, komanso mgwirizano wogaya chimanga cha sukulu yogonera komweko, ndipo mwiniwake akufuna K60 miliyoni.

Mukagula masheya, wogulitsa amasaina chikalata chosamutsa masheyawo, dzina lanu limalowa m'kaundula wa eni masheya, ndipo kusintha kwa madailekitala kumadziwitsidwa ku ofesi yolembetsa makampani. Kampani imakhalabe yomwe ija. Dzina la pa lisi silisintha, buku la lole silisintha, antchito akadali pa bwana yemwe uja, ndipo mgwirizano wa sukulu ukupitirira. Umu ndi momwe Castel inalowera mu Carlsberg Malawi m'chaka cha 2016, pogula masheya, fakitale ikugwirabe ntchito. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumakopa anthu, koma ndi kumenenso kumandidetsa nkhawa, chifukwa kampani imene sinasinthe imabwera ndi mbiri yake yonse.

Tinene kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi kalata yafika kuchokera ku MRA yonena kuti msonkho wodula pa malipiro a antchito sunaperekedwe kwa zaka zitatu, ndipo pamodzi ndi chilango wafika K9 miliyoni. Kenako mukupeza kuti gawo la penshoni limene bwana amayenera kuika, lomwe ndi 10 peresenti ya malipiro, silinkatumizidwa. Simungayankhe kuti zimenezo zinachitika inu musanabwere, pakuti wangongole ndi kampani, ndipo kampaniyo tsopano ndi yanu. Zoona, sadzakulandani nyumba yanu, chifukwa udindo wa mwini masheya umathera pa masheya ake, pokhapokha ngati munasaina kubanki kuti mudzabweza ngongole ya kampani ndi chuma chanu. Koma chimene munagula pa K60 miliyoni chatsika mtengo. Dziwaninso kuti wogulitsa masipeya amene sanalipidwe ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokasumira kukhoti, choncho kukhala chete kwake lero si umboni wakuti anaiwala.

Pa chifukwa ichi, wogula masheya ayenera kufufuza asanapereke ndalama. Funsani mabuku a ndalama a zaka zingapo, chiphaso cha MRA chosonyeza kuti misonkho ili bwino, malisiti a penshoni, ndiponso ngati kampaniyo ili ndi mlandu kukhoti lililonse, makamaka khoti la nkhani za ntchito. Wogulitsa akamazengereza kuonetsa mapepala amenewa, kapena akamati akauntanti wake ali kumudzi, tengani zimenezo ngati chizindikiro. Mumgwirizano, loya wanu alembe malonjezo a wogulitsa akuti palibe ngongole ina kupatula zimene watchula, ndi kuti ikatulukira ina adzabweza yekha. Ine ndimalangiza kuti musadalire lonjezo lokhalo, chifukwa munthu amene walandira ndalama zonse n'kukamangira nyumba ndi wovuta kumulipiritsa. Ndi bwino kusunga gawo la mtengo, mwachitsanzo K12 miliyoni, kwa loya kwa chaka chimodzi, kuti ngongole ikatulukira mudulepo. Werenganinso malamulo a kampaniyo, pakuti m'makampani ang'onoang'ono kawirikawiri eni masheya ena amayenera kuyamba kufunsidwa ngati akufuna kugula, ndipo m'bale wa wogulitsa amene anadumphidwa akhoza kutsutsa malonda anu.

Tsopano njira yachiwiri. Apa wogulitsa ndi kampani, ndipo inu mumasankha zimene mukufuna, monga makina, lole ndi malo, n'kusiya kampaniyo m'manja mwa mwini wake wakale pamodzi ndi ngongole zake. Kalata ya MRA ija ipita kwa iye. Mtengo wa chitetezo chimenechi ndi ntchito yambiri, chifukwa chinthu chilichonse chiyenera kusamutsidwa pachokha. Malo a lisi amafuna chilolezo cha mwini malo, yemwe nthawi zambiri ndi boma kudzera ku unduna wa za malo, amafuna msonkho wa sitampu, ndiponso kulembetsa dzina latsopano. Lole iyenera kusinthidwa umwini ku ofesi yoona za pamsewu. Layisensi ya bizinesi mudzatenga yanu, akaunti ya ESCOM nayonso isinthidwe. Mgwirizano wa sukulu sungakutsateni wokha, pakuti sukulu inapangana ndi kampani yakale, ndipo iyenera kuvomera kupangana nanu. Ngati phindu lalikulu la chigayo limachokera kusukuluko, ndiye kuti mukhoza kugula makina n'kutaya msika. Lembani kuti malonda sadzatha mpaka sukulu itasaina.

Ambiri amaganiza kuti kugula katundu kumawamasula ku zonse zakale, koma pali zinthu ziwiri zimene zimatsatabe. Choyamba ndi chikole. Ngati kampani inapinyolitsa makina kubanki, banki ikhoza kudzawatenga ngakhale ali m'manja mwanu. Chikole cha katundu wonyamulika chimalembetsedwa m'kaundula amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo cha malo chimaoneka ku kaundula wa malo. Fufuzani m'makaundula onse awiri. Mukapeza kuti banki ikufuna K15 miliyoni, ndalama imeneyo ichoke pa mtengo n'kupita kubanki mwachindunji, ndipo banki ilembe kuti yamasula chikole.

Chachiwiri ndi antchito, ndipo apa ndi pamene ndaona anthu ambiri akugwa. Gawo 32 la lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti bizinesi kapena gawo lake ikagulitsidwa, mgwirizano wa wantchito umasamukira kwa wogula pamodzi ndi ufulu wake wonse, ndipo zimene bwana wakale anachita zimatengedwa ngati munachita ndinu. Wogaya amene wagwira ntchito zaka khumi sayambiranso kuwerenga. Mukadzamuchotsa chifukwa chochepetsa antchito, ndalama yolekanirana idzawerengedwa kuyambira tsiku limene analembedwa ndi kampani yakale: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndi a masabata atatu pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zotsatira. Kwa munthu mmodzi ameneyu ndi malipiro a masabata 25. Choncho musanagwirizane mtengo, pemphani mndandanda wa antchito onse asanu ndi atatu, tsiku limene aliyense anayamba ntchito, malipiro ake ndi masiku a tchuthi amene sanatenge, muwerengere ndalamazo, kenako muzichotse pa K60 miliyoni ija.

Pa chigayo ngati ichi, chimene mabuku ake mwina sanasungidwe bwino, ine ndingasankhe kugula katundu, pokhapokha ngati chilolezo cha malo kapena mgwirizano wa sukulu sizingasamutsike. Mlembi wanu ayambe ndi kupempha kope ya lisi ndi ya mgwirizano wa sukuluwo, kuti tidzawerenge pamodzi pa msonkhano wotsatira.