Makalata a omvera: ndalama za pulojekiti azidula, tichotse chiyani?

"Zikomo aulutsi. Ine ndine msungichuma wa kagulu kophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, tili ndi makalasi 10. Amene amatithandiza atiuza kuti chaka chamawachi atipatsa 70 peresenti yokha ya ndalama zomwe tinapempha. Atcheya akuti tingodula 30 peresenti paliponse kuti pasakhale wodandaula. Ine mtima ukukana koma ndikusowa choyankha. Bajeti yake ndalemba kuseri kwa kalatayi. Ndine mayi msungichuma."

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo mwachita bwino kutumiza ndi bajeti yomwe chifukwa nkhani ngati iyi siyankhika popanda manambala. Kuti omvera atsatire bwino, ndalama zonse munapemphazo ndazitenga ngati 100. Nde pa 100 ameneyo, alawansi ya aphunzitsi ndi 35, mabuku ndi zolembera 20, wekishopu yophunzitsa aphunzitsiwo 12, lendi ya zipinda 8, thiransipoti ya oyendera makalasi 10, mwambo wotsekera 7, matisheti ndi mabana 5, kenako 3 yosungira zogwa mwadzidzidzi.

Taonani zomwe zichitike mukatsata za atcheya. Mphunzitsi aliyense alawansi yake itsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo anthu amenewa akayamba kujomba simungawadzudzule ayi, nawonso ali ndi mabanja. Pa ophunzira 10 alionse atatu asowa buku. Koma matisheti aja akhalapobe, ochepa inde koma alipo, ndi mwambo wotsekera ukhalapo. Ndiye kuti mwalanda buku m'manja mwa wophunzira kuti tisheti isafe. Kudula mofanana kumaoneka ngati chilungamo pa mitingi chifukwa palibe amene amatuluka atakwiya, koma kwenikweni ndi kuthawa kusankha basi.

Choyamba mukachite ndi ichi, musanakhudze nambala iliyonse. Komiti yonse igwirizane chiganizo chimodzi chonena chomwe pulojekitiyi inabadwira, chachifupi, choti mwana atha kuchiloweza. Kwa inu ine ndingati ndi chakuti munthu amene analowa osadziwa kuwerenga atuluke akuwerenga. Mukatero muzitenga ntchito imodzi imodzi nkufunsa kuti tikachotsa iyiyi yonse, munthu uja atulukabe akuwerenga? Aphunzitsi mukachotsa yankho ndi ayi. Mabuku ayi. Chipinda ayi, pokhapokha wina akubwerekeni chaulere. Zimenezi zikhale pamwamba. Kuyendera makalasi mukachotsa kuphunzira kupitilira kwa kanthawi koma simudziwa kuti ndi kalasi iti yagona, nde iyi ili pakati, ingachepetsedwe koma isathe. Matisheti ndi mwambo mukachotsa munthu awerengabe bwinobwino, zipite pansi.

Wekishopu ija nde yovuta kuiika, ndipo ine sindingakuikireni ndili mu situdiyo muno. Ngati aphunzitsi anu ndi omwe aja munawaphunzitsa kale, itha kutsika ndithu mpaka kukhala ya tsiku limodzi longokumbutsana. Koma ngati ambiri ndi atsopano iyenera kukhala pamwamba pafupi ndi alawansi, chifukwa kulipira munthu amene sadziwa kuphunzitsa wamkulu mnzake ndi kutaya 35 yense uja. Pano ndiitenga ngati yofunika.

Tsono tiyeni tiwerengere. Matisheti ndi mabana achoke onse, tapulumutsa 5. Mwambo wotsekera musiyepo 1 yosindikizira masatifiketi, pakuti pepala limenelo ophunzira amalilemekeza ndipo ena limawalimbikitsa kufika kumapeto, tapulumutsa 6. Zonse pamodzi 11. Ife tikufuna 30, mwaona vuto lake? Anthu ambiri amaganiza kuti akachotsa zokongoletsa ndiye kuti athana nazo, koma zokongoletsa nthawi zambiri zimakhala kagawo kakang'ono ka bajeti, ndalama zenizeni zili mu zinthu zofunika zija. Patsala 19 ndipo apa mpamene komiti imayamba kutuluka thukuta.

Njira yake ndi kuchepetsa kukula kwa ntchito osati ubwino wake. Alawansi, mabuku, wekishopu ndi lendi zonse pamodzi ndi 75, ndipo zimayenda ndi kuchuluka kwa makalasi, kutanthauza kuti kalasi imodzi ikudya 7 ndi theka. Mukatsegula makalasi 8 m'malo mwa 10 mwapulumutsa 15, tafika pa 26. Thiransipoti ya oyendera ichoke pa 10 ifike pa 6, poti makalasi achepa komanso oyandikana atha kuyenderedwa ulendo umodzi, ndi 4 ameneyo. Takwana 30. Zotsala ndi 60 ya makalasi 8 okhala ndi zonse zofunika, 6 yoyendera, 1 ya masatifiketi ndi 3 ya zadzidzidzi, pamodzi 70. Ka 3 kameneko musakakhudze chonde, bajeti yothina ndi imene imafuna kwambiri kandalama kapambali chifukwa mulibenso kwina kokatapa mabuku akakwera mtengo.

Zowawa ndi zakuti makalasi awiri sakhalapo, ndipo amenewo ndi anthu enieni. Nde sankhani mosamala, yang'anani mu rejisitala muone amene kumabwera anthu ochepa ndi amene ali pafupi ndi kalasi ina yoti atha kuphatikizana, ndipo ndi bwino kusatsegula kalasi yatsopano kusiyana ndi kutseka ya anthu amene ali pakatikati. Chinanso, 7 ndi theka uja ndi wa papepala. Wodzaphunzitsa pa wekishopu mwina alipiritsa chimodzimodzi kaya aphunzitsi ndi 10 kaya 8, ndipo ngati lendi munasainira kale chaka chonse siitsika. Mufufuze zimenezo musanalonjeze, mwina mupeza kuti pakufunika kupezanso 2 kapena 3 kwina.

Titenge ina.

"Aulutsi, ife tinayesa zoika ntchito m'magulu, zofunika kwambiri, zapakati ndi zosafunika kwenikweni. Koma aliyense mu komiti anaika yake m'gulu loyamba, mapeto ake pa ntchito 12 zokwana 10 zinali zofunika kwambiri. Titani? Ndine bambo wina, mlembi wa komiti."

Hahaha bambo, izi nde zimachitika paliponse, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Magulu ali ndi vuto limenelo loti gulu loyamba silidzadza. Siyani magulu, pangani mzere umodzi kuyambira nambala 1 mpaka yomaliza, ndipo lamulo likhale lakuti ntchito ziwiri sizingakhale pa nambala imodzi. Mukakanika tengani ziwiri zokha nkufunsa kuti ndalama itakhala yokwanira imodzi mwa ziwirizi titenga iti, yopambanayo ikwere, muifanizirenso ndi yapamwamba pake, choncho choncho mpaka mzere utakhazikika. Pambali pa ntchito iliyonse lembani mtengo wake ndipo muziphatikiza kuchokera pamwamba kutsika. Pamene chiwerengero chafika pa ndalama zomwe muli nazo jambulani mzere wopingasa, zapansi pake zadikira kaye.

Koma pali kachinsinsi kamene kamathetsa mkangano wambiri. Musaike ntchito pa mzere ili yathunthu, iduleni zidutswa. Munthu amene amayang'anira zoyendera makalasi, titengerenso chitsanzo cha mayi aja, akauzidwa kuti ntchito yake ili pa nambala 9 amamva ngati mwamuchotsa ntchito nde amalimbana mpaka usiku. Koma mukamufunsa kuti pang'ono penipeni pamene ntchito yako ingayendebe ndi pati, ayankha kuti mwina ulendo umodzi pamwezi. Chidutswa chimenecho chikhale pamwamba, ulendo wachiwiri pamwezi chikhale chidutswa china chapansi chokapikisana ndi zinzake. Mupeza kuti pafupifupi aliyense ali ndi kanthu kamene kapulumuka, ndipo zimene zagwa ndi zoonjezera.

Nzeru imeneyi si yanga ayi. Bambo wina dzina lake Peter Pyhrr anaikonza ali ku kampani ya Texas Instruments ku Amereka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, bajeti yoyambira pa ziro, pomwe ntchito iliyonse imayenera kudzitetezanso ngati yatsopano, nkuigawa m'zidutswa nkuziika pa mzere. Jimmy Carter anaitenga ali bwanamkubwa wa dera la Georgia, kenako anapita nayo ku boma lalikulu atakhala pulezidenti mu 1977. Kumabungwe aakulu inadziwika kuti imadya nthawi ndi mapepala ambiri, koma inu ndi ntchito 12 zokha, masana amodzi mwamaliza. Chimodzi chokha, munthu afotokoze za ntchito yake koma pofika poiika pa nambala asavote nawo, makamaka ngati muli alawansi yake mmenemo.

Yomaliza yafupika, yabwera pa meseji.

"Tinalipira kale dipoziti ya holo ya msonkhano waukulu, theka la mtengo, ndipo sabweza. Ndalama zachepa koma anzanga akuti tisasiye chifukwa dipoziti ipita pachabe. Zoona? Ndine mchemwali wanu."

Achemwali, dipoziti ija yapita kale, kaya muchita msonkhano kaya simuchita siibwerera m'thumba mwanu. Nde pa mzere uja musalembe zomwe munalipira, lembani zomwe zatsala kuti mulipire, theka linalo kuphatikiza maulendo a anthu ndi zina zonse zomwe msonkhano umakoka, zomwe kawirikawiri zimaposa holoyo. Ndalama imeneyo muifanizire ndi ntchito zina zomwe ingagwire. Mwina msonkhano upambanabe poti tsopano watsika mtengo, palibe vuto, koma upambane chifukwa ukuthandiza cholinga osati chifukwa mukumva chisoni ndi lisiti. Afunseninso eni holo ngati angalole kusuntha tsiku kapena kukupatsani chipinda chaching'ono pa dipoziti yomweyo.

Ndibwerere pang'ono kwa nonse atatu pa nkhani ya opereka thandizo, poti apa ambiri amapsa. Ngati ndalama zinabwera ndi mgwirizano wolembedwa, kawirikawiri simuloledwa kungosamutsa ndalama kuchoka pa mzere wina wa bajeti kupita pa wina mopitilira malire ena osapempha, nde werengani mgwirizanowo ndipo muwalembere musanasinthe. Muwauzenso poyera kuti ndi 70 tifikira makalasi 8 osati 10, chifukwa mukangokhala chete iwo adzayembekezera lipoti la makalasi 10 pa ndalama ya 8. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu yang'anani ngati simunadule mopyola, aphunzitsi akujomba kodi, rejisitala ikutsika, oyendera akubweretsa malipoti mochedwa? Mukaona zimenezo ndiye kuti chinthu china munachiika pansi chinali chapamwamba, chikwezeni. Pepala la mzere lija lisungeni mu faelo, ndalama ina ikapezeka pakati pa chaka mungoyambira pa chinthu choyamba pansi pa mzere wopingasa uja osayitanitsanso mitingi yokangana.

Nthawi yatithera, makalata otsala tiwerenga sabata yamawa. Mayi msungichuma mutilembereso mutiuze kuti atcheya anati chiyani.