Analonjeza kudzaluka tsitsi koma sanabwere: mpando usakhale chabe Loweruka

(Kamera ikuonetsa mpando wopanda munthu mu saluni)

Anzanga a masaluni muno m'Chipata, taonani mpando uwu. Lero ndi Loweruka, nthawi yakwana 9 koloko. Mayi amene anati abwera 8 koloko kudzaluka tsitsi sanafike, foni yawo ndi yozima. Malukidwe amene anasankha amatenga maola asanu, ndiye dzulo ndinabweza anthu awiri kuti malo akhale awo. Ngati mtengo ndi K300, ndalamayo yapita, koma mtsikana wondithandiza ndimulipirabe.

Zoterezi zinandichitikira kambirimbiri, mpaka ndinayamba kupempha dipoziti. Sindipempha aliyense ayi. Wongotsuka tsitsi akapanda kubwera, ndataya mphindi zochepa. Koma ntchito yopitirira maola awiri, dzina sindilemba m'buku K50 isanalowe pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Ikalowa ndimatumiza meseji yonena tsiku, nthawi ndi ndalama yotsala, K250, kuti mawa tisakangane.

Lamulo lake muwauze asanalipire. Akakudziwitsani kutatsala tsiku lathunthu, K50 ija imasamukira tsiku lina. Akangosowa osanena, yatsala kwa inu. Maliro okha ndiwo sindiwerengera, munthu woferedwa sitimufunsa za dipoziti. Ndipo vuto likakhala langa, monga magetsi kuzima ndikufuna kuumitsa tsitsi, ndimabweza yonse tsiku lomwelo.

(Kamera ikuonetsa foni)

Tsopano chikumbutso. Ambiri timangolemba kuti "musaiwale mawa", munthu n'kuwerenga, n'kukhala chete. Ine ndimatumiza Lachinayi madzulo, motere: "Amayi, malo anu ndi Loweruka 8 koloko. Chonde yankhani INDE pofika mawa masana, apo ayi tipatsa wina." Amene alibe bando saona WhatsApp, choncho pakakhala zii ndimatumizanso meseji wamba, kenako ndimaimba kamodzi. Lachisanu 12 koloko ikakwana osayankha, malo aja atseguka.

Apa ndiye pamalowa anthu awiri ndinabweza aja. Kumapeto kwa buku ndili ndi tsamba la odikira: dzina, nambala, malukidwe amene akufuna, ndi kumene amakhala. Chomalizachi musachisiye. Wa ku Kapata akwera njinga n'kufika msanga, pomwe wa ku Katete afunika kumuuza dzulo lake. Onaninso kutalika kwa ntchito, chifukwa pamalo a maola awiri simungaikepo wa maola asanu.

Muziimbira mmodzimmodzi, aliyense mumpatse mphindi khumi ndi zisanu kuti ayankhe. Ine tsiku lina ndinatumiza uthenga kwa onse nthawi imodzi, anabwera atatu pa mpando umodzi, awiri n'kubwerera atakwiya. Mmodzi mwa iwo mpaka lero sanapondenso pakhomo pano.